Momwe Mungalembere Pangano la Telala ndi Kasitomala Wolipira Dipoziti

Kasitomala wabwera, mwamuyeza, wasiya dipoziti, inu mwalemba dzina lake ndi ndalamayo pakona pa kope. Patapita masiku khumi foni ikulira: "Pepani, phwando lija lalephereka, mundibwezere ndalama yanga." Nsalu munadula kale dzana, zidutswa zake zili pathebulo zitabayidwa mapini. Iye akuona kuti walipira chovala chimene sanachilandire, inu mukuona kuti ndalamayo inalowa kale m'nsalu ndi m'thukuta lanu. Palibe wabodza pakati pa awirinu. Chimene chinasowa ndi pepala lonena kuti dipoziti ija ndi ya chiyani, ndiponso imabwezedwa zinthu zikafika pati.

Ndasoka zovala kwa zaka zambiri, ndipo mikangano ya dipoziti imene ndaiona pafupifupi yonse imazungulira funso limodzi: pamene wina anasintha maganizo, sizasi inali italowa m'nsalu kapena ayi? Pangano limene ndikufotokoza pano lamangidwa pa funso limenelo. Limakwana pepala limodzi, ndipo mukazolowera silitenga mphindi zoposa khumi. Ndikulankhula ndi atelala anzanga, koma amene mumasoketsa zovala mungathe kutenga mfundo zomwezi n'kupempha telala wanu kuti azilembe.

## Zofunika kukhala nazo

- Kope la pangano lokha, losasakaniza ndi maakaunti ena, makamaka lokhala ndi masamba awiriawiri
- Pepala la kaboni, kapena foni yojambulira pepala mukamaliza kusaina
- Bolopeni ya inki yosafufutika, osati pensulo kapena choko chojambulira nsalu
- Tepi yoyezera imene manambala ake akuonekabe bwino
- Sitepula kapena singano ndi ulusi, zomangirira kachidutswa ka nsalu papepala
- Kalendala
- Inki ya chidindo cha chala, ya kasitomala amene satha kusaina

## Ndondomeko yake

1. Yambani ndi anthu, tsiku ndi nambala ya oda.

Pamwamba lembani tsiku, nambala ya oda, dzina lanu ndi la kasitomala, ndi mafoni a nonse awiri. Nambala yomweyo muilembenso pakapepala kamene mubaye pansalu, kuti nsalu ndi pangano zisasokonekere.

Chenjezo: wolipira ndi wovala si nthawi zonse amakhala munthu mmodzi. Mayi akamasoketsera mwana wake, kapena munthu mmodzi akamalipirira zovala za gulu, lembani dzina la wolipirayo kuti ndiye mwini oda, kenako muwonjezere mzere wonena amene ali ndi mphamvu yosintha sitayilo ndi amene angabwere kudzatenga chovala. Mukasiya mzere umenewu, wovala adzabwera yekha n'kunena kuti mufupikitse, wolipira adzabwera mawa lake n'kufunsa kuti anakuuzani ndani.

2. Fotokozani chovala moti telala wina angachisoke osafunsa.

Mawu akuti "diresi limodzi" sateteza aliyense. Lembani kuti lalitali mpaka pati, manja ake aatali kapena aafupi, khosi lake lotani, zipi ili kumbuyo kapena m'mbali, lili ndi layiningi kapena ayi, lili ndi matumba kapena ayi. Jambulani kachithunzi ka kutsogolo ndi kumbuyo. Sikafunika kukongola, kafunika kuonetsa pamene padutsa msoko uliwonse.

Ngati kasitomala wabwera ndi chithunzi cha m'foni, mufunseni kuti ndi chiyani kwenikweni chimene wachikonda pamenepo, ndipo mulembe zimene musinthe. Chovala cha m'chithunzi chinasokedwa ndi nsalu ina, pathupi lina. Nsalu yolimba siigwa ngati yofewa, ndipo ndi bwino kunena zimenezi lero kusiyana ndi kudzazifotokoza chovala chili kale pathupi. Mukatero dulani kachidutswa ka nsalu kochepa ngati chala chachikulu m'mphepete mwake, mukamangirire papanganolo. Mawu akuti "buluu" ali ndi mitundu yambirimbiri, koma kachidutswa kali ndi mtundu umodzi.

3. Lembani miyeso papangano lomwelo.

Chifuwa, chiuno, mahipi, mapewa, utali wa manja, utali wa chovala, zonse ndi manambala ooneka bwino. Pambali pake lembani ngati mwayeza m'masentimita kapena m'mainchesi. Inchesi imodzi ndi masentimita 2.54, choncho 36 wa mbali ina ya tepi ndi munthu wina kwathunthu ndi 36 wa mbali inayo.

Apa pali mzere umene atelala ambiri salemba: ndani wayeza. Ngati mwayeza inu, chovala chikathina udindo ndi wanu. Ngati miyeso yabwera pafoni, kapena kasitomala wabweretsa chovala chakale kuti mutengerepo, lembani choncho: "Miyeso yaperekedwa ndi kasitomala." Lembaninso tsiku loyeza, chifukwa thupi limasintha. Oda ikakhala ya miyezi iwiri kapena itatu kutsogolo, kapena wovala akakhala mwana kapena mayi woyembekezera, gwirizanani tsiku lodzayezanso musanadule.

4. Nenani kuti nsalu ndi ya ndani.

Ngati mukagula ndinu, lembani mtundu wake, mamita ake ndi ndalama imene yapatulidwa pa nsaluyo. Ngati yabwera ndi kasitomala, itambasuleni yonse iye ali pomwepo. Yezani utali ndi mulifupi, chifukwa mamita atatu a nsalu ya masentimita 115 mulifupi satulutsa zofanana ndi mamita atatu a nsalu ya 150. Samalaninso ndi yadi: yadi imodzi imaperewera pa mita ndi masentimita pafupifupi 9, ndipo pa mayadi anayi kuperewerako n'kokwanira kusowetsa dzanja la malaya. Iyang'aneni powala kuti muone mabowo, mathotho ndi pamene utoto unasuluka, ndipo chilichonse chimene mwapeza muchilembe.

Mulembenso zinthu zitatu: mtengo umene kasitomala akuti anagulira nsaluyo, ngati yachapidwa kale kapena ayi, ndi amene adzatenge zotsala. Mtengowo ndi umene udzagwire ntchito nsalu ikawonongeka m'manja mwanu. Za kuchapa n'zofunika chifukwa nsalu ya thonje imafupika ikachapidwa koyamba, ndipo chovala chimene chinakwana bwino tsiku lotenga chikhoza kudzathina pambuyo pake, mlandu n'kugwera telala.

5. Lembani ndalama m'mizere itatu.

Mtengo wonse, dipoziti yolipidwa lero, ndalama yotsala. Iliyonse m'manambala ndi m'mawu omwe, kuti pasapezeke wowonjezera ziro. Lembaninso njira imene yalipiridwira. Ngati ndi pafoni kapena kubanki, koperani nambala ya umboni ya uthenga uja, ndipo dikirani uthenga ufike pafoni yanu, musakhulupirire chithunzi cha pafoni ya mnzanu.

Nanga dipoziti ikhale yochuluka bwanji? Ambiri amangonena kuti theka osawerengera. Njira yabwino ndi kuyamba ndi zimene mutulutse m'thumba musanasoke, kenako kuwonjezerapo kagawo ka ntchito ya manja. Tiyerekeze, kuti masamu aphweke, kuti mtengo wonse wa diresi lalitali la layiningi ndi 100, m'ndalama ya dziko lililonse. Nsalu ndi layiningi zitenga 35, zipi, ulusi ndi tina n'tina 5, ntchito ya manja 60. Dipoziti ya 50 ikugula zipangizo zonse za 40 n'kutsala 10 ya kuyeza, kujambula ndi kudula. Pamenepa theka likukwana. Koma nsalu ikanakhala yodula, yotenga 55 yokha, theka likanakusiyani mukugulira kasitomala nsalu ndi ndalama yanu. Ndipo nsalu ikabwera ndi kasitomala, dipoziti ingathe kuchepa, chifukwa chimene mwaika pangozi ndi nthawi yanu yokha.

Kugawa mtengo moteremu mukulembe papangano. Matelala ena safuna kuonetsa kuti ntchito ya manja ndi zingati, koma popanda manambala amenewa sitepe 7 silingawerengeke. Mutsirize ndi chiganizo ichi: "Dipoziti ndi gawo la mtengo wonse ndipo idzachotsedwa pa mtengowo."

6. Lembani masiku atatu, osati limodzi.

Tsiku loyesa chovala chisanamalizidwe, tsiku lotenga, ndi tsiku limene kasitomala akufuna kuchivala. Mwezi muulembe m'mawu. Mukalemba 03/04, wina awerenga 3 Epulo, wina 4 Marichi.

Pakati pa tsiku lotenga ndi tsiku lovala pakhale mpata, ine ndimasiya sabata yathunthu. Mpata umenewu ndi wokonzera zimene zapezeka tsiku lotenga, komanso wa matenda, magetsi ndi makina amene amafa pamene mukuwafuna kwambiri. Mumuuze kasitomala, ndipo mulembe, kuti akachedwa kubwera kudzayesa, tsiku lotenga limasunthanso ndi masiku omwewo. Tsiku lovala lili ndi ntchito yakeyake: likalembedwa, nonse mukudziwa kuti chovala chobwera litadutsa tsikulo chilibenso phindu kwa mwini wake.

7. Lembani zimene zidzachitikire dipoziti kasitomala akasiya oda.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, choncho musathamange. Matelala ambiri amalemba mawu awiri okha, "dipoziti siibwezedwa", n'kumaganiza kuti atetezeka. Mawu amenewa ali ndi mavuto awiri. Loyamba, kasitomala amene wasintha maganizo mawa lake lomwe, inu musanagule ngakhale ulusi, amaona kuti mwamulanda, ndipo sakulakwa kuona choncho. Lachiwiri, nkhani ikapita kwa oweruza, m'mayiko ambiri amafunsa kuti wogwira ntchitoyo anataya chiyani kwenikweni, ndipo kusunga ndalama yochuluka kuposa zimene mwataya kumavuta kukuikira kumbuyo. Pangano lolimba ndi limene limagwirizanitsa ndalama yobwezedwa ndi pamene ntchito yafika.

Tibwerere ku diresi la 100 lija, dipoziti 50. Oda yaperekedwa pa 3 Marichi, kuyesa pa 14 Marichi, kutenga pa 21 Marichi, kuvala pa 28 Marichi.

Kasitomala akaimba pa 4 Marichi, nsalu isanagulidwe, chimene mwataya ndi nthawi yoyeza ndi kujambula. Pangano linene kuti mumachotsa 5 n'kubweza 45.

Akaimba pa 6 Marichi, nsalu itagulidwa koma isanadulidwe, ndalama ya 40 yasanduka katundu. Katunduyo ndi wake, chifukwa wagulidwa ndi ndalama yake. Mumamupatsa nsalu, layiningi ndi zipi pamodzi ndi malisiti ake, mumachotsa 5 ya kuyeza, mumabweza 5. Ngati nsaluyo ndi yoti mungasokere munthu wina ndipo mukuifuna, mungathe kuisunga n'kubweza 45, koma kusankha kumeneku kukhale kwanu, ndipo kulembedwe choncho.

Akaimba pa 10 Marichi, nsalu itadulidwa, zinthu zasintha kwathunthu. Nsalu yodulidwa pa miyeso ya munthu mmodzi siibwerera kusitolo ndipo siikwana wina aliyense. Dipoziti yonse ya 50 imatsala kwa telala: 40 ya zipangizo, 10 ya ntchito yachitika. Zidutswa zodulidwazo kasitomala ali ndi ufulu wozitenga, kuti akafuna akamalizitse kwina kapena adzabwerenso nazo m'tsogolo. Kusunga ndalama n'kusunganso nsalu ndi kudya kawiri, ndipo ine sindivomereza.

Akaimba pa 20 Marichi, diresi litasokedwa, amalipira 50 yotsala n'kutenga diresi lake. Ntchito yonse yachitika.

Popeza malire ake ndi sizasi, payenera kukhala umboni wa tsiku limene munadula. Ine ndimalemba m'pangano tsiku limene sindidzadula lisanakwane, kawirikawiri masiku awiri kuchokera tsiku la oda, kuti munthu akagone nalo ganizo lake. Tsikulo likafika ndimatumiza uthenga wachidule: "Amayi, mawa ndidula nsalu yanu. Ngati pali chosintha mundiuze lero." Ndikadula ndimajambula zidutswazo n'kutumiza chithunzi. Ndinaphunzira zimenezi movutikira. Bambo wina anasiya oda ya jekete, ine n'kumuuza kuti ndadula kale, iye n'kunena kuti ndadula dala nditamva kuti akufuna ndalama yake. Ndinalibe chomuonetsa. Ndinamubwezera theka la dipoziti pofuna mtendere, ndipo zidutswa za jeketelo zinakhala m'kabati mpaka ndinazisandutsa matumba a zovala zina.

8. Lembaninso zimene zidzachitike mukalephera ndinu.

Pangano lomanga kasitomala yekha silikhulupirika, ndipo wowerenga wanzeru sangalisaine. Lembani kuti chovala chikapanda kutha pofika tsiku lovala, kasitomala angasankhe kudikira pa mtengo wotsitsidwa, kapena kusiya oda n'kulandira dipoziti yake yonse, ya 50 yathunthu, ngakhale munagula kale nsalu. Nsaluyo imatsala kwa inu. Ngati nsalu inali yake ndipo mwaiwononga, mwaipsereza ndi simbi kapena mwadula molakwika, mumagula ina yofanana nayo kapena kulipira mtengo uja munalemba pa sitepe 4. Tchulani masiku obwezera ndalamayo, mwachitsanzo 7, chifukwa "ndidzakupatsani" alibe tsiku.

Musiyanitse kukonza ndi kusintha. Chovala chikasemphana ndi miyeso kapena chithunzi cha m'pangano, kukonza ndi kwaulere, bola kasitomala abwere nacho m'masiku amene mwagwirizana, chisanachapidwe. Koma akafuna manja aatali pamene pangano likuti aafupi, imeneyo ndi ntchito yatsopano, ya mtengo wake ndi tsiku lake. Ilembeni kuseri kwa pepala lomwelo, nonse musainenso.

9. Gwirizanani za chovala chosatengedwa.

Telala aliyense ali ndi zovala zolendewera zimene eni ake anasowa. Lembani kuti chovala chidzasungidwa masiku angati tsiku lotenga litadutsa, mwachitsanzo 60, kuti mudzatumiza uthenga kawiri m'nthawi imeneyo, ndipo mukatero mungachigulitse kuti mupeze ndalama yotsala. Mukachigulitsa pa mtengo woposa ngongoleyo, yapamwambayo ndi ya kasitomala. Chenjezo lalikulu: malamulo ogulitsa katundu wosatengedwa amasiyana dziko ndi dziko, ndipo kwina amafuna chidziwitso cholemba ndi nthawi yotalikirapo, makamaka nsalu ikakhala ya kasitomala. Funsani kwa odziwa malamulo a kwanuko kamodzi, musanaike chiwerengero cha masiku m'kope lanu lonse.

10. Werengani mokweza, sainani, aliyense atenge lake.

Werengani pangano lonse m'chilankhulo chimene kasitomala amamva bwino, ndipo mukafika pa ndime ya dipoziti muime n'kumufunsa kuti anene m'mawu ake zimene wamva. Kenako nonse musaine ndi kulemba tsiku. Amene satha kusaina adinde chala, pakhale mboni yosainira pambali. Mipata yopanda kanthu idutsitseni mzere. Ndalama ilandiridwe mutasaina, osati musanasaine.

Pepala lapamwamba lipite ndi kasitomala, la kaboni litsale m'kope. Ngati mulibe kaboni, lijambuleni n'kumutumizira chithunzicho iye ali pomwepo, ndipo muone kuti manambala akuwerengeka.

11. Tsekani pangano tsiku lotenga.

Kasitomala avale chovala pomwepo, akhale pansi, akweze manja, atseke ndi kutsegula zipi. Akakhutira alipire yotsala, inu mulembe pansi pa pepala kuti "Yalipidwa yonse, chovala ndi nsalu yotsala zatengedwa", ndi tsiku, ndi siginecha yake.

## Chitsanzo choti mukopere

PANGANO LOSOKA CHOVALA, nambala ______ Tsiku ______

Telala: ______ Foni: ______
Kasitomala: ______ Foni: ______
Wovala: ______ Wololedwa kutenga: ______

Chovala: ______ (chithunzi ndi kachidutswa ka nsalu zili kuseri)
Miyeso m'masentimita kapena m'mainchesi: ______ Woyeza: ______ Tsiku loyeza: ______
Nsalu ndi ya: ______ Utali ______ Mulifupi ______ Mtengo wake ______ Zolakwika zimene zaoneka ______ Zotsala adzatenga ______

Zipangizo ______ Ntchito ya manja ______ Mtengo wonse ______
Dipoziti yolipidwa lero ______ Njira yolipirira ______ Yotsala ______
Dipoziti ndi gawo la mtengo wonse. Yotsala idzalipidwa tsiku lotenga.

Nsalu siidzadulidwa lisanafike tsiku la ______
Kuyesa ______ Kutenga ______ Kuvala ______

Kasitomala akasiya oda nsalu isanagulidwe, telala adzachotsa ______ n'kubweza yotsala. Nsalu itagulidwa koma isanadulidwe, kasitomala adzatenga zipangizo ndi ndalama ______. Nsalu itadulidwa, dipoziti idzatsala kwa telala ndipo kasitomala adzatenga zidutswa zake. Chovala chitasokedwa, kasitomala adzalipira mtengo wonse.

Telala akalephera kumaliza pofika tsiku lovala, kasitomala angasiye oda n'kulandira dipoziti yonse m'masiku ______. Telala akawononga nsalu ya kasitomala adzagula ina yofanana kapena kulipira mtengo walembedwa pamwambapa.

Kukonza zosemphana ndi panganoli ndi kwaulere m'masiku ______. Kusintha sitayilo kuli ndi mtengo wake ndipo kudzalembedwa kuseri.

Chovala chosatengedwa chidzasungidwa masiku ______, ndipo telala adzatumiza uthenga kawiri asanachite china chilichonse.

Telala ______ Kasitomala ______ Mboni ______

## Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Cholakwika chachikulu ndi kudya dipoziti musanagule nsalu. Ndalama ya oda ya lero ikalipira lendi kapena kumalizira oda ya dzulo, mumayamba kudikira kasitomala wachitatu kuti mugulire wachiwiri nsalu, ndipo masiku onse amene munasainira amayamba kugwa limodzilimodzi. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: tsiku lodula lafika, nsalu palibe. Gulani zipangizo tsiku lomwelo kapena lotsatira, mumange malisiti papangano, ndipo gawo lotsalalo musalikhudze mpaka mutadula, chifukwa kufikira nthawi imeneyo likhoza kubwezedwa.

China ndi kusiya kulemba chifukwa kasitomala ndi m'bale kapena mnzanu. Anthu amenewa ndi amene amasintha sitayilo pakamwa mukakumana panjira, ndipo mkangano wa ndalama ndi iwo umapweteka kuposa wa mlendo. Ngati mukuchita manyazi, nenani zoona zake: "Achemwali, ndimalembera aliyense kuti ndisaiwale miyeso ndi masiku." Palibe amene amakana zimenezo.

Zosintha za pafoni nazo zimagwetsa ambiri. Kasitomala waimba kuti muwonjezere matumba, inu mwavomera makina akulira, osatchula mtengo. Tsiku lotenga mukawonjezera ndalama, iye akutulutsa pepala lake lokhala ndi mtengo wakale, ndipo pepalalo lili kumbali yake. Mukangotsitsa foni tumizani uthenga wonena chosinthacho, mtengo wake ndi tsiku latsopano, ndipo musasoke mpaka atayankha kuti wavomera.

Palinso kulandira ndalama pang'onopang'ono osalemba. Wina amasiya 10 tsiku loyesa, 15 kudzera mwa mwana amene wamutuma. Iliyonse ilembedwe pamapepala onse awiri, ndi tsiku lake ndi yotsala yatsopano. Kufufuta nako kuli ndi njira yake: dutsitsani mzere umodzi pa nambala yolakwika kuti izionekabe, lembani yolondola pambali, nonse muikepo zilembo zoyamba za maina anu. Nambala yodetsedwa mpaka kusawerengeka imabweretsa chikayiko ngakhale pamene palibe chinyengo.

Kwa inu osoketsa, cholakwika chanu chofala ndi kulipira mtengo wonse tsiku loyamba pofuna kuonetsa kukhulupirira. Ndalama yotsala ndi imene imakupatsani mawu tsiku lotenga. Mukailipira kale, chovala chanu chimapita kumbuyo kwa mzere, kutsogolo n'kukhala cha amene telala akuyembekezera ndalama yake. Musatayenso pepala lanu. Lijambuleni tsiku lomwelo.

Chomaliza ndi kutulutsa chovala ndalama yotsala isanalipidwe, chifukwa phwando ndi mawa ndipo kasitomala walonjeza kubweretsa Lolemba. Nthawi zina mtima sulola kukana, ndipo ine ndatulutsapo. Ngati mwasankha kutero, dziwani kuti pangano losoka latha ndipo chimene chayamba ndi ngongole. Lembani pansi pa pepala lomwelo ndalama yotsala, tsiku lenileni lodzalipira ndi mawu akuti chovala chalandiridwa chili bwino, kasitomala asaine, kenako mupinde chovalacho.